Lisiti langa linali pansi pa msomali

Ine sinditaya pepala. Malisiti a feteleza, a mbewu, ngakhale a njinga imene inatha kalekale, onse ali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Ana anga amaseka, koma asekeretu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinalima thonje kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika. Ndinagula sipuleya, chopopera mankhwala chobereka kumsana, m'kasitolo kena ka zaulimi ku Katete. Tsiku loyamba lomwe inayamba kudontha, mankhwala n'kumayenderera mumsana mwanga. Ndinaibweza. Mwini sitolo, bambo wamimba yake wokonda kutafuna chotokosera m'mano, anavomera kuti masipuleya ambiri a ulendo umenewo anali owonongeka. Anati akuwabweza ku Chipata kumene amaoda, ndipo abwino azibwera pang'onopang'ono. Analemba pa lisiti langa tsiku ndi vuto lake, n'kulibaya pa msomali wautali woimika pa kathabwa. Ine anandipatsa kapepala kolembedwa tsiku lomwelo.

"Tikuyankhani mwa ndondomeko, madala," anatero.

Ndinadikira. Mbozi sizinadikire. Zinalowa m'thonje langa nthawi imene limayamba kubereka, ine n'kumabwereka sipuleya kwa anansi pamene iwo amaliza, mochedwa nthawi zonse. Ndikapita ku Katete, yankho linali lomwelo: sinafike nthawi yanu. Koma mnansi wanga amene anabweza yake pambuyo panga anali atalandira kale yatsopano.

Tsiku lina ndinangokhala pa khonde la sitoloyo n'kumayang'ana. Ndinaona zimene zimachitika. Lisiti latsopano limabayidwa pamwamba pa anzake, ndipo katundu akabwera, bamboyo amazula lapamwamba. Wobwera dzulo ndiye amathandizidwa, ife oyamba tikukanikizidwa pansi. Nditamuuza, anaseka anthu akumva.

"Madala, mapepala anuwo mukafunde usiku. Msomali ndi wanga, sitolo ndi yanga."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba, ndipo sindinawataye.

Ndinayamba kufunsafunsa ena amene anali pansi ngati ine: mayi wina wamasiye wa ku Sinda amene ankangofuna ndalama zake, ndi alimi anzanga angapo. Ndinawauza kuti asataye timapepala tawo. Kenako ndinamva nkhani imene inandikoma. Apongozi ake a mwini sitoloyo, mkulu wa mpingo wathu, munthu wodana ndi chinyengo, nawonso anali atangobweza sipuleya yawo. Lisiti lawo ndiye linali pamwamba penipeni.

Ndinadikira dala tsiku limene katundu wa ku Chipata anafika. Tinalowa tonse, apongoziwo ali kale pa kauntala, mkamwini wawo akuwatulutsira sipuleya yatsopano ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Akulu a mpingo," ndinatero, "inu munabweza liti yanu?"

"Sabata yatha, achimwene. Bwanji?"

Ndinayala kapepala kanga patsogolo pawo. Mayi wa ku Sinda anayala kake, enanso chimodzimodzi. Akuluwo anavala magalasi n'kuwerenga masiku, limodzilimodzi, osafulumira. Kenako anakankha sipuleya ija kuibweza.

"Bambo a ana," anatero kwa mkamwini wawo, "mukufuna Lamulungu ndikaime kutsogolo nditadyera anthu awa? Zulani mapepala onsewo, muwatembenuze."

Bamboyo anazula. Chotokosera m'mano chinagwa pansi. Mulu utatembenuzidwa, lisiti langa, lofiira ndi dzimbiri la msomali, linali loyamba. Ndinamuuza kuti aziwerenga mokweza dzina, tsiku, ndi chimene munthu akufuna, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama, kuti aliyense amve malo ake. Mayi uja analandira ndalama zake. Masipuleya anatha asanafike pakati pa mulu. Otsalawo analembedwa manambala pa malisiti ndi pa timapepala tawo, kuti ulendo wina adzayambire pamene analekezera. Nambala yomaliza inali ya apongozi, ndipo mkamwini anachita kuilemba yekha, n'kuipereka atagwada.

Ine sindinachoke msanga. Ndinapempha madzi, ndinadzaza sipuleya yanga pa khonde pomwepo, n'kuipopa mpaka ndinakhutira kuti sikudontha. Ndiye ndinabwerera pa kauntala.

"Lisiti langa, bambo. Ndikufuna ndikafunde usiku."

Sanaseke ulendo uno. Amene anaseka ndi ena onse, mpaka oyendetsa njinga za kabaza panja.

Thonje la kumunsi kwa munda ndinalipulumutsa. La kumtunda mbozi zinali zitamaliza, ndipo limenelo sindinamukhululukire mwini sitoloyo. Apongozi ake anapopera ndi sipuleya yanga chaka chimenecho. Ndinkawabwereka mosangalala, ndipo popita nayo kwawo ndinkadutsa dala pakhomo pa mkamwini wawo, nditaibereka kumsana.

Lisitilo lili m'chitini mpaka lero, ndi bowo lake pakati.