Kanyali ka pa Mahedifoni a Bambo

Makutu a bambo anayamba kutseka pang'onopang'ono, ndipo chaka chimene ndinabwerako ku ukwati kudzakhala nawo ku Majaua, kulankhula nawo kunali kukuwa. Anthu odutsa m'njira ankayesa tikukangana. Iwo sankadandaula. Kutchalitchi ankangoyang'ana pakamwa pa mlaliki n'kumagwedeza mutu, kumaliro chimodzimodzi. Chimene chinkawadya mtima chinali chimodzi: mawu a mlongo wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amene anapita ku Joni osabwereranso chifukwa cha mapepala. Iye ankaimba foni Lamulungu lililonse masana, koma bambo akaika foni kukhutu ankangomva ngati udzudzu.

Ndiye mlongo wangayo anatumiza mahedifoni kudzera kwa dalaivala wina wa galimoto ya katundu. Anali aja opanda chingwe, ophimba khutu lonse, olumikizana ndi foni pa bulutufu. Lamulungu loyamba ndinawaveka bambo n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Atamva mawu a mwana wawo anati, "Ndiwe? Bwanji ukulankhula ngati wadwala chimfine?" Ine ndinatuluka panja, sindinafune andione ndikulira. Kuyambira pamenepo Lamulungu masana ankasamba, kuvala malaya awo a kolala, n'kukhala pakhonde kudikira.

Koma zinthu za masiku anozi zili ndi matenda akeake. Patapita miyezi ingapo mahedifoni aja anayamba kudula mawu pakati pa nkhani. Bambo amatha kulankhula okha kanthawi osadziwa kuti mnzawo wasowa. Ndinamuuza mlongo wanga, iye n'kuti, "Achemwali, tsegulani apu ija ndinakuuzani muike pafoni, ya kampani yomwe inapanga mahedifoniwo. Muona ngati yalemba kuti pali apudeti."

Inalidi italemba. Anandifotokozera kuti m'kati mwa mahedifoni muli kapulogalamu kamene kamawayendetsa, ndipo opanga akapeza cholakwika amatumiza kena kokonza. Foni imakatenga kaye pa intaneti, kenako n'kukapatsira mahedifoni pa bulutufu, pomaliza mahedifoni n'kukakhazika okha m'kati mwawo. Anabwereza kangapo ngati akuuza mwana: zonse ziwiri zikhale ndi moto wokwanira, foni isatalikirane ndi mahedifoni, apu isatsekedwe, asamaimbirepo nyimbo, ndipo koposa zonse asazimitsidwe mpaka apu itanena kuti yatha.

"Ndamva, iwe," ndinatero. "Ndinakubereka kumbuyo ine, usandiphunzitse ngati chitsiru."

Ndipo ndinamvadi. Kwathu kulibe magetsi, timatchajitsa kwa mnyamata wina wa loja, kagolosale ka m'mudzimu, amene ali ndi sola. Ndinapita nazo m'mawa, ndinakhala pomwepo mpaka zonse zitadzaza, chifukwa ndimamudziwa, ukachoka amazula zako n'kulumikiza za wina. Ndinagula mamega a intaneti okwanira. Kunyumba netiweki imagwira bwino pamalo amodzi, pazenera loyang'ana kuphiri, ndiye ndinaika foni ndi mahedifoni pamenepo, zogundana. Bambo ndinawakuwira m'khutu kuti asakhudze. Anaseka n'kupinda manja awo m'khwapa. Amayi anali kumunda kokazula nyemba.

Ndinadina. Kamzere kanayamba kuyenda pafoni, ndipo pamwamba pake panalembedwa m'Chipwitikizi kuti osazimitsa. Kutenga pa intaneti sikunachedwe. Chimene chinandiyesa mtima n'kupatsira kuja, kamzere kakukwawa ngati nkhono. Ndinakhala pampando ndikukayang'ana mpaka maso kuwawa. Kali pafupi kufika kumapeto, ndinamva mayi wa nyumba yoyandikana nafe akutukwana. Mbuzi zathu zinali zitadula chingwe n'kulowa m'chinangwa chake. Mayi ameneyo sachedwa kukasuma, ndipo tinali titayambana kale pankhani yomweyo. Ndinayang'ana foni, zonse zikuyenda bwino, palibe wozikhudza. Ndinathamanga.

Mbuzi zikadziwa kuti uli ndi changu zimabalalika dala. Pobwerako, thukuta lili kamukamu, ndinapeza amayi atafika, akumwa madzi pakhonde, mtolo wa nyemba uli pambali.

"Iwe, ndakuzimitsira zinthu zako zija," anatero. "Unazisiya zikungothwanima, moto ukungotha pachabe. Zinavuta kuzima, ndinachita kukanikiza nthawi yaitali."

Ndinalowa m'nyumba. Pafoni panali patalembedwa kuti mahedifoni sakupezeka, apudeti yalephera. Amayi anali atafika pa nthawi yoipitsitsa, pamene mahedifoni anali atalandira kale kapulogalamu kaja ndipo akukakhazika m'kati. Kuthwanima kumene anakuonako kunali chizindikiro choti ntchito ili m'kati.

Ndili ndi pakamwa ine, aliyense ku Majaua amadziwa. Ndinawafunsa kuti anawatuma ndani. Ndinawafunsa ngati motowo amagula ndi iwo. Anandiyang'ana modabwa, kapu ili m'manja.

"Kodi si mmene timachitira masiku onse?" anafunsa.

Zoona, ndi mmenedi timachitira. Amayi anakhala zaka zambiri kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene ankathira palafini ndi kachivindikiro ka botolo. Kwa iwo chinthu choyaka popanda wochigwiritsa ntchito ndi tchimo. Tochi, wailesi, foni ya mlendo, chilichonse amazimitsa. Mahedifoni omwewo ndine ndinawaphunzitsa pokanikiza, bambo akagona nawo kumutu, ndipo ndinkawayamikira. Chipwitikizi cha pafoni sawerenga. Anaona kanyali, anachita zimene mayi wosamala pakhomo amachita.

Sikuti nthawi zonse apudeti ikadukiza ndiye kuti zaferatu. Mlongo wanga ananditonthoza madzulo ake kuti ambiri amadzukanso, makamaka akadukiza pa nthawi yopatsira, umangoyambiranso. Tinayesa zonse zimene apu inkalangiza. Ndinakawatchajitsanso tsiku lathunthu. Ndinakanikiza mabatani amene amawabwezera mmene anachokera kufakitale. Ndinawafufuta pa bulutufu ya foni kuti ndiwalumikize mwatsopano. Kanyali kofiira kankangoyaka kamodzi n'kuzima, foni osawaona, apu osawaona. Ndiye ukonza bwanji chinthu chimene apu yake sikuchipeza?

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita nawo ku Milange. Wokonza mafoni wa pamsika anawatembenuza uku ndi uku, anayesa pafoni yake, n'kundibwezera. Anati batire ili bwino, masipika ali bwino, chasokonekera n'cha m'kati chimene iye alibe zida zochifikira. Ndinawoloka malire kupita ku Muloza, kumenekonso anandiuza zomwezo. Onse anati opanga okha ndi amene angathandize, ndipo amenewo amafuna mahedifoniwo uwatumize kumene anagulidwa. Dalaivala uja anali atasintha njira. Ndinagula timahedifoni tachingwe tapamsika, tolowetsa m'khutu. Bambo anatiyesa, anamvetsera, n'kupukusa mutu. Anati akumva mphepo basi.

Masiku amenewo pakhomo panali zii. Amayi ankadzuka kukadali mdima kupita kumunda, kubwera dzuwa litapendeka, osandiyang'ana kumaso. Ndinawapeza tsiku lina atatenga mahedifoni aja pamwendo, akukanikiza batani mofatsa, kusiya, kukanikizanso. Atandiona anawabisa m'chitenje ngati mwana wakuba shuga. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinakwiyira mbuzi, ndinakwiyira mayi wa chinangwa, ndinakwiyira anthu amene amapanga chinthu chotha kufa chifukwa cha chala cha nkhalamba. Bambo nditawakuwira m'khutu zimene zinachitika anangoti, "Madzi akatayika saoleka. Asiye amako."

Mlongo wanga analonjeza kutumiza ena. Koma ntchito yake yomanga inali itayamba kuvuta, ndipo ine ndinkadziwa zimene makolo athu sankadziwa: anali atachotsedwa m'chipinda chimene ankakhala, ankagona kwa mnzake pansi, chifuwa chikumusowetsa tulo. Anandilumbiritsa kuti ndisanene.

Tinapeza njira ina yochezera Lamulungu. Amayi ndi amene anadzipereka, ndipo palibe anawaletsa. Ankakhala pamphasa pafupi ndi mpando wa bambo, foni kukhutu, kumvetsera zimene mwana wawo akunena, kenako n'kuzikuwira m'khutu la amuna awo. Bambo ankayankha molunjika pafoni, mokweza kwambiri. Nkhani zinafupika. Munthu sungamuuze bambo ako za mumtima podziwa kuti zikakuwidwa mpaka mudzi wonse umve. Zinangotsala za mvula, za nyemba, za amene wamwalira.

Lamulungu lina mlongo wanga analephera kudzigwira. Ndinali pafupi, ndinkamva timawu take tikutuluka pafoni. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anayamba kulira. Ankawauza amayi kuti watopa, kuti sakudziwa ngati adzawaonanso bambo ali moyo. Nkhope ya amayi inagwa. Bambo ankawayang'anitsitsa.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

Amayi anayandikira kukhutu kwawo.

"Akuti ali bwino. Ntchito ikuyenda. Akupereka moni."

Bambo anagwedeza mutu. Anaweramira pafoni n'kunena kuti, "Chabwino mwanawe, uzipemphera." Amayi anadula foni, anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Tinatsala awiri pakhonde. Bambo anandikodola kuti ndisendere. Anayesa kunong'ona, koma munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake, ndipo ndikudziwa kuti amayi kuseriko anamva zonse.

"Mwana ameneyu akamanama ndimamudziwira pa mawu," anatero. "Tsopano ndimudziwa bwanji?"