Kalata ya a Safeli Yopempha Kukwezedwa Malipiro

A Safeli Kamwendo a ku Ntcheu anali ndi mawu awiri okha polankhula ndi abwana. Ena anali a munthu wogwira mwendo, ena a munthu wolusa, ndipo olusawo ankangomveka kubafa akamasamba. Zaka zisanu ndi zitatu akhala akusamala maluwa pa nyumba ina yogona alendo ku Hout Bay, kudziko la eni, koma mwini wake, madamu Jennie, ankangowadziwa ngati bambo wachipewa chobiriwira amene chilichonse amayankha kuti chabwino.

Anabwera kudzathirira maluwa. Lero ndi iwo oyeretsa dziwe losambiramo alendo, okonza mipope, opaka penti, ngakhale othamangitsa njoka. Ntchito inkakula ngati dzungu la pachulu, malipiro ali phee pa marandi 6,000 (R6,000) pamwezi kwa zaka zitatu. Iwo osadandaula. Chisangalalo chawo chinali kujambula pafoni chilichonse chimene akonza n'kutumizira akazi awo kumudzi, mpaka mayiwo anapempha kuti tsiku lina adzawatumizireko nkhope, mipope atopa nayo.

Kenaka mwana wawo Lusungu anasankhidwa kukaphunzira unamwino. Atawerengera bwinobwino, anapeza kuti popanda kuwonjezera malipiro mwanayo sapita. Anakwera minibasi ya ku Wynberg mutu uli gwa, ndipo m'minibasimo mnzawo Bruce, amene wasintha ntchito kanayi chaka chimodzi, anawapatsa nzeru zaulere.

"Amwene, kuno sapempha. Muwauze abwanawo kuti akapanda kukweza muchoka. Azungu amamva zimenezo."

A Safeli analemba kalata yamoto m'Chingerezi. Koma poti sipelo, kalembedwe ka mawu, ankaikayikira, Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita nayo kwa mlamu wawo Olive, mng'ono wa akazi awo, amene amagwira ntchito mu ofesi pafakitale ina ya makatoni ku Epping. Anamuuza kuti angokonza sipelo basi, zinazo asakhudze.

Olive anawerenga mokweza, akumasulira dala m'Chichewa kuti amve kukoma kwake. "Madamu, ndatopa. Mukundigwiritsa ntchito ngati bulu. Ndikufuna ndalama zambiri pofika pa 30, apo ayi mudzaona." Anatsitsa pepala. "Alamu, adzaona chiyani?"

"Adzaona basi."

"Ntchito ina mwaipeza?"

"Ayi."

"Nanga akati zikomo, geti ndi ilo, Lusungu mukamuuza chiyani?"

A Safeli anakanda m'mutu. Koma Olive anali asanamalize, chifukwa kumunsi kwa kalata yomweyo moto uja unali utazima wokha. Panalembedwa kuti, "Chonde ndagwira mwendo wanu, ndinu mayi anga ndi bambo anga, chilichonse mungandiganizire ndilandira." Olive anaseka mpaka misozi. Anati kalatayo yayamba ndi chibakera n'kuthera chogwada, ndipo madamu sadziwa ngati aitane apolisi kapena apereke buledi.

"Tiyeni tilembe zimene mwachita pa nyumbapo," anatero Olive.

Apa ndiye panavuta. A Safeli anakana kwamtuwagalu. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, n'kumadzichemerera yekha? Kwawo munthu wotero amamuseka pamaliro pomwe. Ntchito yabwino, iwo anati, abwana amaiona okha.

"Zaka zitatu akuiona okha, alamu, mwalemera? Kudzitama ndi kunena kuti ndine katswiri. Kunena kuti pampu inafa mu Malichi ine ndinaikonza, kumeneko n'kuchitira umboni. Bweretsani foni yanu ija yodzaza mipope."

Zithunzi zija zinali ndi masiku ake. Olive anasankha zinthu zitatu zokha, poti kalata yotalika abwana amaiwerenga ndi diso limodzi. Dziwe, limene kale kampani inkabwera kudzayeretsa sabata iliyonse, a Safeli akhala akulisamala okha kwa zaka ziwiri. Pampu ya pachitsime aikonza kanayi popanda kuitana munthu wakunja. Zipinda zisanu ndi chimodzi anazipaka penti alendo a Disembala asanafike. Kenaka anafufuza pa intaneti malonda a ntchito, naona ndalama zimene malo ena ogona alendo akulonjeza munthu wogwira zonsezi.

Anafafaniza "ndatopa" n'kulemba kuti, "Ndagwira ntchito pano zaka zisanu ndi zitatu ndipo ndikufuna kupitiriza." Bulu uja anamuchotsa, m'malo mwake analowa dziwe, pampu ndi penti. Pa "ndalama zambiri" analemba kuti, "Poona ntchito zimene zawonjezekazi, ndikupempha kuti malipiro anga akhale R7,200." Ndipo "mudzaona" anasanduka "Kodi tingakhale pansi sabata ino kuti tikambirane?"

"Nanga za Lusungu sitilemba?" anafunsa a Safeli.

"Ayi. Madamu salipira mavuto anu, amalipira ntchito yanu. Mukatchula mwana akupatsani R200 ya chisoni n'kuiwala. Ndipo tamverani, mukakatchula nambalayo mukatseke pakamwa. Ndimakudziwani inu, mumayamba kuthokoza munthu asanakupatseni kanthu."

Lolemba anapereka kalata ija ndi manja awiri. Lachitatu m'mawa, alendo atatha kudya, madamu Jennie anawaitanira pakhonde. A Safeli anakhala kunsonga kwa mpando, chipewa pabondo. Ankaopa kwambiri, osati pang'ono.

Madamu anali ndi kalata ija m'manja. Anafunsa za pampu. Iwo ankaganiza kuti mwamuna wawo ndiye amaitana amisiri, pamene mwamunayo ankaganiza kuti pampuyo ndi yolimba chabe. A Safeli anatulutsa foni n'kuonetsa zithunzi, chilichonse ndi tsiku lake. Madamu anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti paja akufuna zingati.

"R7,200, madamu."

Ndiye kunagwa bata. Abale inu, bata limenelo! Mawu akuti komabe chilichonse mungathe anakwera mpaka pakhosi. A Safeli anawameza. Anakweranso, anawamezanso, maso ali pa mphika wa maluwa umene unali pakona. 

Madamu ndi amene anayamba kulankhula. Anati nyengo yozizira alendo amachepa, choncho R7,200 sangaikwanitse lero. Atha kuyamba ndi R6,900 mwezi womwewo, ndipo zotsalazo adzawonjezera mu Disembala. A Safeli anawerengera mumtima. Zinali zothina, koma mwana akanapita.

"Ndavomera, madamu," anatero. Kenaka anamva pakamwa pawo pakutuluka mawu amene ngakhale Olive sanawaphunzitse. "Koma za Disembalazo mundilembere papepala."

Madamu anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anaseka pang'ono, n'kulowa m'nyumba kukatenga cholembera.

Nthawi ya nkhomaliro a Safeli anakhala kuseri kwa kanyumba ka zipangizo, pepala lija lili m'thumba la malaya. Olive anali atatumiza kale mauthenga anayi ofunsa ngati anagwada. Sanamuyankhe kaye. Anaimba kumudzi, ndipo anayankha ndi Lusungu.

"Ababa, zayenda bwanji?"

 A Safeli anakhosomola, napukuta m'maso ndi chipewa chija.

"Iwe, uwauze amayi ako akuperekeze kwa atelala mawa. Akakuyeze yunifolomu."