Zala Ziwiri pa Siketi Yatsopano

Kodi munthu akasinthidwa zovala pa chithunzi, ndi zingati za iye zimene zimachoka limodzi ndi nsalu yakaleyo? Funso limeneli sindinakumane nalo ku yunivesite. Ndinakumana nalo m'kachipinda kojambulira zithunzi pa Nsaru, patatha miyezi khumi amayi atamwalira.

Makolo anga anakhala pabanja zaka zoposa makumi atatu osadalitsa ukwati wawo kutchalitchi. Amayi ankapempha chaka ndi chaka, ndipo bambo ankayankha kuti adikire fodya achite bwino. Pamene anavomera, anagula nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu n'kuipereka kwa telala kuti asoke bulauzi ndi siketi. Amayi anadwala masabata awiri okha. Tsiku la maliro awo zovalazo zinali zikadali kwa telala, zipi asanaike.

Tikukonzekera mwambo wa chiliza, bambo anandiitanira pakhonde.

"Ndamva kuti masiku ano amatha kumuveka munthu pa chithunzi," anatero. "Ndikufuna ndiwaone amayi ako atavala zija. Kamodzi kokha."

Chithunzi chooneka bwino cha amayi chinali chimodzi, chimene ndinawajambula ndi foni pakhonde lomwelo m'mawa wina. Anakhala pampando wamatabwa, atavala juzi yakale ndi chitenje chofiira chosuluka. Dzanja lamanja linali chigonere pabondo. Lamanzere linagwira chitenje pantchafu, ndipo khwinya la nsalu linaphimba nsonga za zala ziwiri.

Mwini studiyo anali bambo wa imvi, wamagalasi, amene anayamba ntchito yake pa nthawi ya makamera a filimu. Ndinamupatsa chithunzi ndi zovala zija, zimene ndinakatenga kwa telala atamaliza kuzisoka. Anapachika zovalazo pa hang'ala, nazijambula, n'kuziika pa thupi la amayi m'kompyuta kuti andisonyeze chinthu chimene mawu sakanandikhutiritsa nacho. Amayi anaoneka ngati abisala kuseri kwa chitseko chopaka maluwa. Siketi inatsika yowongoka kuchokera m'chiuno, ngati kuti analibe mawondo, ndipo manja awo analendewera pamwamba pake osakhudza kanthu.

"Mwaona, achemwali? Woimirira sativuta, timaveka masuti tsiku lililonse, ngakhale anthu oti sanalowepo mu ofesi," anatero. "Koma wokhala pansi ndi nkhani ina. Nsalu nayo imakhala pansi."

Anandilozera ndi cholembera pa chitenje chakale. Pamawondo nsalu imakokeka n'kusalala. Pakati pa ntchafu imagwera pansi, pamakhala mdima. Pamene thupi lapindikira m'chiuno, makwinya amaunjikana mopingasa. Maluwa a pantchafu amaoneka ophwatalala chifukwa agona, pamene a kumiyendo amaoneka athunthu. Kenako anakulitsa dzanja lamanja mpaka linadzaza galasi lonse la kompyuta. Pansi pa chala chilichonse panali kamzere kakuda ka mthunzi, nsalu inali yobonyoka pang'ono pamene dzanja linalemera, ndipo m'mphepete mwa zala munali kufiira kochokera ku chitenjecho.

"Manja ndiwadula paokha, ndiwaike pamwamba pa nsalu yatsopano, kufiiraku ndikuchotse," anapitiriza. "Koma makwinya sindingapeke. Pakufunika munthu avale zovalazi, akhale pampando womwewo, dzuwa lichokere mbali yomweyo. Muli ndi mng'ono wanu?"

"Mwana wamkazi ndine ndekha."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Wojambulayo anabwera kwathu pa njinga yamoto Loweruka m'mawa, pa ola limene dzuwa limalowa pakhonde kuchokera kumanzere. Bambo ndinawauza zimene tikachite, ndipo anatenga khasu n'kupita kudimba. Ndinavala bulauzi ndi siketi m'chipinda cha amayi. Nsaluyo inkanunkhirabe kusitolo. Inandithina m'mapewa, koma m'chiuno inandikwana ngati anayeza ine.

Ndinakhala pampando. Wojambulayo anagwada kuti kamera ikhale pa msinkhu umene ndinagwirira foni tsiku lija, maso ake akuyenda pakati pa chithunzi ndi ine.

"Mwakhala ngati muli pa intavyu," anatero. "Amayi anu sanali kuopa mpando. Weramani pang'ono. Bondo lamanzere litsogole. Dzanjalo musaliike ngati mbale, lisiyeni lilemere."

Ndinalisiya. Ndinazindikira pamenepo kuti kakhalidwe ka amayi sikanali ka munthu wopuma, koma ka munthu amene msana ukumuwawa ndipo sakufuna kunena. Thupi langa linamva zimene maso anga sanaone pamene ndinkawajambula. Sindinalire, chifukwa kulira kukanagwedeza makwinya.

Dzanja lamanzere ndi limene linativuta. Chitenje cha amayi chinali chofewa ndi kuchapidwa kwa zaka zambiri, moti chinkazungulira chala ngati khungu. Siketi yatsopano inali yolimba, yosokedwa mokwana thupi, ndipo sinkalola kupindikira pamwamba pa zala. Ndinayesa kangapo, koma khwinya linkaimirira pambali, zala zanga zonse zili poyera.

Patatha masiku atatu anandiitana kustudiyo. Siketi inakhala pa amayi ngati anaivaladi. Inagwera bwino pakati pa ntchafu, maluwa anapindika pamawondo, ndipo dzanja lamanja linali ndi mthunzi wake. Koma kumanzere zala ziwiri zinathera panjira, pamene chitenje chakale chinaziphimba.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Ndayesa kujambulapo khwinya labodza. Taonani." Khwinyalo silinachokere kulikonse ndipo silinapite kulikonse, dzanja linaoneka ngati lavulala. "Njira ina ndi kutenga nsonga za zala zanu pa chithunzi cha Loweruka, ndizidetse pang'ono zifanane ndi khungu lawo. Zagona kale pa nsaluyi, mthunzi wake ndi weniweni. Koma ine sindisankhira anthu za amayi awo."

Ndinafunsa ngati sangapange zala zofanana ndi za amayi enieniwo. Anandifunsa kuti zikhadabo zake zinali zotani, zazifupi kapena zosweka, zowongoka kapena zokhota. Ndinapeza kuti sindikudziwa. Zala zimenezo zinandisambitsa, zinandiluka tsitsi, zinasoka fodya amene anandiphunzitsa sukulu. Ndinkadziwa kulemera kwake pamutu panga, koma maonekedwe ake ayi.

"Tengani zanga," ndinatero.

Ndinapereka chithunzicho kwa bambo masana, chili m'felemu yagalasi, kutatsala sabata kuti tichite mwambo. Anapukuta manja pa buluku asanachigwire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso kutsika pang'onopang'ono.

"Zinawakhala, eti?" anatero.

"Zinawakhala, ababa."

"Ndinachedwa." Anaika chala chawo pagalasi, pa dzanja lamanzere, pa nsonga ziwiri zomwe zija. "Manja awa ndingawadziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi. Anagwira ntchito manja awa."

Mpata wonena zoona unali pamenepo, ndipo ndinaulola kudutsa. Ndalingalira kangapo ngati ndinawachitira chifundo kapena ndinawabera kanthu, koma sindinapeze muyeso wosiyanitsira ziwirizo. Iwo anapempha kuona mkazi wawo atavala zovala za ukwati, ndipo anamuona. Chimene amagwira akafuna kumukhudza ndi cha mwana wawo.

Chithunzicho chili pabalaza, pafupi ndi mtanda. Galasi lake lili ndi chidindo cha chala pamalo amodzi okha, ndipo ndikachipukuta chimabwerera. Bambo sakudziwabe.