Simenti Yosalembedwa

Azakhali anakalambira patebulo la kuseri kwa sitolo ya bambo anga yogulitsa zomangira, akulemba mabuku a bizinesi. Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse chilembedwe kawiri, kumene chachokera ndi kumene chapita. Bambo akanyamula matumba a simenti kukamangira mkazi wawo wamseri, Azakhali ankachotsa pa katundu n'kulemba patsamba la zotenga mwini sitolo. Mbali ziwirizo zinkagwirizana, banja n'kumagona tulo.

Kenako mayi anabweretsa kompyuta. Azakhali sanaiope. "Ndi buku lomwe lija," anatero, "kungoti ili limawonkhetsa lokha." Anakopera okha m'kompyutamo zotsala zonse za m'mabuku. Koma tsopano mayi ankaona malipoti pafoni yawo, ndiye bambo ananong'oneza alongo awowo kuti simenti ija asamailembenso.

Kompyuta, ngati pepala, imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Titawerenga katundu kumapeto kwa chaka, iyo inati matumba alipo mazana atatu, koma mosungiramo tinapeza mazana awiri.

"Makina sanama," anatero mayi. "Makiyi amasunga ndani?"

Azakhali, amene ankasunga makiyiwo, anayang'ana mlongo wawo. Bambo ankapukuta magalasi, ndipo anawapukutabe mpaka Azakhali anatuluka ndi kachikwama kawo.

Masiku ano Azakhali amasoka zigamba pakhonde la anthu, ndipo akabwera kudzacheza, achibale amayamba abisa zikwama. Mabuku awo akale timang'ambamo mapepala okulungira misomali. Bambo ndiwo anayamba kung'amba, ndipo anayambira tsamba lawo lija la zotenga mwini sitolo.