Denga lodontha la a manijala

A Bizwick Longwe anali mlembi wa komiti younika kayendetsedwe ka bungwe lina la alimi a mpunga ku Limphasa. Kwa zaka zinayi ankangolemba zomwezomwezo: ofufuza apeza kuti denga la nyumba yosungiramo mpunga likudontha, a manijala ayankha kuti akonza, komiti yawapatsa mpaka pa 30 Okutobala.

Pamsonkhano wa Disembala 1979, wapampando anati, "A Longwe, tatiwerengerani tsiku limene tinagwirizana."

A Longwe anatenga buku la zokambirana za komiti, limene a manijala ankakakamira kuti lizisungidwa m'nyumba yodontha yomweyo. Masamba anali atamatana, inki itachucha ndi mvula.

"Ngati tsiku silikuoneka, ndiye kuti sindinachedwe," anatero a manijala.

A Longwe anatsonya, n'kuwaponyera bukulo patebulo. "Tsikulo lili momwemo, bwana. Lifinyeni, lituluka."