Nsomba Zisanu ndi Ziwiri za Aphunzitsi a Mwale

A Josephat Mwale anaphunzitsa zaka makumi atatu pa sukulu ya mpingo wa Dachi chakufupi ndi ku Mkaika, ndipo anthu ambiri a kumeneko amene amadziwa kulemba maina awo anadutsa m'manja mwawo. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosajomba. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu oti "sindidziwa" ankawawawa pakamwa ngati tsabola. Mukawafunsa za mvula, za boma la Fedulo, kaya za matenda a nkhumba, yankho linali lokonzeka kale.

Akazi awo, a Esnart, anaTembo, anawatenga ku Sinda. Pa mwambo wake iwo ndiwo akanakhala mkamwini kumeneko, koma chifukwa cha ntchito, amalume ake a mkaziyo anavomera chitengwa. Anangonena mawu amodzi: "Tikupatsani munthu wopanda chipsera. Mukatopa naye mudzatibwezere choncho." AnaTembo sanali olankhulalankhula. Akakwiya ankangong'ung'udza m'Chinsenga cha kwa agogo awo uku akutsuka mbale, basi nkhani yatha.

Mu 1959 mzungu wina wa mishoni, pobwerera kwawo, anasiyira aphunzitsi bokosi lagalasi la madzi, limene anthu ankangoti thanki. Munali mchenga pansi, udzu wam'madzi, ndi nsomba zofiira zisanu ndi ziwiri, zosadya, zongoyang'ana. Anawasiyiranso kachitini ka chakudya chake chouma. Milungu itatu yoyamba nsombazo zinkabisala m'udzu, munthu akangotsokomola zonse psiti. Kenaka zinasintha. Munthu akayandikira, zonse zinkathamangira kutsogolo kwa galasi, kukamwa yasa, michira piriupiriu.

A Josephat anali nalo kale yankho. "Zandidziwa mwini wake," anatero, ndipo ankaitana alendo kuti adzaone. Kachitini kaja anakaika pamwamba pa kabati, naletsa aliyense kukakhudza popanda chilolezo. Loweruka, kapena kukabwera mlendo, ankakatsitsa mwaulemu, natsina pang'ono, nawazira kudzanja lamanja la thanki. Zoti nsomba zimadya chiyani masiku enawo, mutu wodziwa zonse uja sunafunsepo.

M'chaka chotsatira, mwezi wa Epulo, anawaitana ku Katete ku maphunziro a aphunzitsi a milungu iwiri. Ponyamuka anapereka kachitini kwa akazi awo ngati akupereka makiyi a tchalitchi. "Muzitsina pang'ono tsiku lililonse. Musaiwale."

Anabwerera Loweruka masana, limodzi ndi akuluampingo awiri, aliyense ndi mkazi wake, amene anakumana nawo panjira nawakokera kunyumba kuti akamwe tiyi. Atangolowa, nsomba zonse zinadza kugalasi, zikukwerana, zikugunda ndi milomo. A Josephat, atakhala milungu iwiri osaziona, anaona ngati zanyanya. Anatsitsa kachitini, natsegula. Kanali monga anakasiyira, ngakhale kadzenje ka chala chawo kanali pomwepo.

AnaTembo anali atagwada akuthira tiyi. Apa ndiye pamene munthu wanzeru akanameza mate, koma alendo anali akuyang'ana, ndipo a Josephat pamaso pa anthu sankatha kukhala chete.

"Taonani, azibambo, momwe zikupemphera. Milungu iwiri osalawa kanthu. Munthu womana nsomba zosalankhula, mlendo angamupatse chiyani ine kulibe?"

Kwathu kuno mkazi mungamunene ulesi, mungamunene kulongolola, adzaseka mawa. Koma kumutcha womana, pamaso pa akazi anzake a Chigwirizano cha amayi a mpingo, iye ali chigwadire ndi ketulo m'manja, kumeneko ndi kumuvula chitenje pamsika. AnaTembo anamaliza kuthira makapu onse. Sanang'ung'udze ngakhale Chinsenga chija. M'mawa mwake, anthu akupita ku tchalitchi, anabereka mwana wamng'ono, nakwera lole ya ku Sinda.

A Josephat anauza anthu kuti akazi awo apita kukaona odwala. Mumtima ankati abwera okha Lachitatu. Ndipo pofuna kukonza zimene ankati ndi nkhanza, anayamba kudyetsa nsomba zija mowolowa manja. Anawaza m'mawa, zinadya. Pobwera ku kalasi zinathamangiranso kugalasi, anawazanso. Akadutsa kupita kuchipinda, izo pomwepo. Akabwerera, pomwepo. Anati njala ya milungu iwiri siitha tsiku limodzi, nawonjezera. Pofika Lachisanu kachitini kanali mbee, madzi achita mbuu ngati otsukira mpunga, akununkha. Nsomba zinali pamwamba, zikupuma movutika. Loweruka anavuula ziwiri zitayandama chagada, Lamulungu zinanso ziwiri.

Lolemba anakwera njinga kupita kwa a Goodson Phiri. A Goodson ndiwo anali nkhoswe yawo ya ukwati, komanso ndiwo anali khukhi wa mzungu uja, ndipo nsombazo anazisamala zaka zinayi. Tiyenera kunena zoona ngakhale zichititse manyazi: chimene chinawatengera kumeneko si akazi awo ayi, ndi nsomba.

A Goodson anabwera, nanunkhiza madzi, napukusa mutu. Anatapa theka la madziwo, nachotsa zowola zonse pansi, nathira ena amene anagona mumtsuko. Kenaka anakhala pampando wa aphunzitsi osapempha.

"Mwazipha ndi chakudya, aphunzitsi. Chimene zasiya chimawolera pansi, madzi n'kutha mpweya."

"Koma zimapempha. Zinali ndi njala."

"Izi sizipempha chifukwa cha njala. Ngakhale mimba itatupa zibwera ndithu. Kodi zitangofika muno zinkathamangira munthu?"

"Ayi. Zinkabisala."

"Nanga anaziphunzitsa ndani? Nsomba imaona chinthu chachikulu chikubwera kugalasi, imamvanso kugunda kwa mapazi m'madzimo. Poyamba imati ndi mdani. Koma tsiku ndi tsiku chinthucho chikafika, chakudya n'kugwa, imagwira mumutu kuti munthu ndiye chakudya. Ikatero imathamangira aliyense, kaya ndinu, kaya wakuba. Ili ngati nkhuku ikaona lichero. Nsomba yosadyetsedwa kawirikawiri siiphunzira zimenezi."

"Ine ndinkazidyetsa," anatero a Josephat, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Loweruka lokha? Mukawaza, mumawazira mbali iti?"

"Kumanja."

"Tadikirani zitsitsimuke, mudzaone."

Patapita masiku awiri madzi anayera, nsomba zitatu zotsalazo zinayambanso kusambira bwino. A Goodson anabweranso, nawauza kuti ayandikire chimanjamanja, aime, asachite kanthu. Nsomba zinadza kugalasi monga mwa masiku onse. Koma zitakhala pang'ono zinakwera, zonse zitatu, kupita ku ngodya ya kumanzere, mbali ya khomo la kukhitchini, n'kumadikira pamenepo milomo ili pamwamba. Aphunzitsi anali ataziona zikuchita zimenezi kambirimbiri, osafunsa.

"Pamenepo ndi pamene chakudya chimagwera masiku onse," anatero a Goodson. "Inu simuima uko."

Kuseri kwa khitchini anapeza chigubu chodula chokhala ndi madzi obiriwira, muli mphutsi za udzudzu zikuvinavina, pambali pake kasefa kosokedwa ndi nsalu ya chitambala chakale. Mayi woyandikana nawo, atafunsidwa, anayankha mosabisa kunyansidwa kwake. AnaTembo ankatapa mphutsizo m'mawa uliwonse. Chilimwe ankafukula chiswe, dzinja ankadula nyongolotsi tizidutswa. Kachitini sanakakhudze chifukwa anaona kuti katsala pang'ono, ndipo ankafuna kuti amuna awo azikhala ndi chowaza alendo akabwera.

A Josephat anakhala pansi pakhonde. Manyazi anawagwira. Anakumbukira alendo onse amene anawaonetsa nsomba "zodziwa mwini wake", akazi awo ali pakhomo la khitchini osanena kanthu. Chimene iwo anachiyesa umboni wa kumana chinali umboni wa chaka chathunthu cha kupatsa, ndipo anachiwerenga chozondoka, iwo ophunzitsa anthu kuwerenga.

Anapita ku Sinda ndi a Goodson. Amalume aja anawasiya padzuwa nthawi yaitali asanawapatse mpando. A Goodson analankhula mbali yawo monga nkhoswe, a Josephat maso ali pa nsapato. Pomaliza anaitana anaTembo, amene anadzakhala pamphasa chakumbali.

"Zatsala zingati?" Limeneli ndilo linali funso lawo loyamba.

"Zitatu."

AnaTembo anakonza mwana pamiyendo. Kenaka anati: "Nsomba zinatenga milungu itatu kudziwa amene amazipatsa. Inu ndakuphikirani zaka khumi ndi ziwiri."

Panalibe choyankha, ndipo kwa nthawi yoyamba aphunzitsi sanayese n'komwe. Amalume anati mbuzi safuna, nkhuku safuna. Chipsera chinaikidwa pamaso pa anthu anayi, chichotsedwe pamaso pa anthu omwewo, m'nyumba momwemo. Zikatero anaTembo adzabwerera.

Loweruka lotsatira akuluampingo awiri aja ndi akazi awo anakhalanso pa mipando yomwe ija. AnaTembo anafika ndi amalume awo, nakhala pakhomo, phukusi lawo losamasula. Tiyi anathira a Josephat okha, ndipo anatayira pambale. Atatha anaimirira pafupi ndi thanki, pakuti panalibe malo ena oima, ndipo nsomba zitatu zija zinathamangira kwa iwo nthawi yomweyo, monga zikanachitira kwa wina aliyense.

"Ndinakuuzani kuti nsombazi zimandidziwa," anatero. "Sizindidziwa. Ndinakuuzani kuti akazi anga anazimana. Amene ankazidyetsa ndi iwo, amene anazipha ndine. Ndinalankhula zimene sindidziwa."

Mmodzi wa amayi aja anayang'ana kumbali, wina anatsokomola. AnaTembo anadzuka, napita kuseri, nabwera ndi kasefa kaja kakudontha. Sanapite ku thanki. Anakapereka m'manja mwa amuna awo, nawalozera ngodya ya kumanzere.

Nsombazo zinakhala zaka zina zitatu, yomaliza inafa mu 1963. Nthawi yonseyo anthu opita kudambo m'mawa ankapeza aphunzitsi a Mwale atapinda buluku, atawerama pa chithaphwi ndi kasefa ka chitambala. Ena ankafunsa dala, pofuna kuwagwira pakamwa, kuti kodi nsomba zija zimawadziwabe. Iwo ankayankha osadzutsa mutu: "Kafunseni anaTembo."