Lipoti la Chimanga cha ku Mualadzi

Chinali chaka cha 2019, nyengo yokolola, pamene a Generosa Nowa anatumizidwa ku ofesi ya zaulimi ku Mualadzi. Ankalemba m'kabuku tsiku lililonse loyendera minda: mudzi, dzina la mlimi, ndi zimene anaona. A Celso, omwe anawapeza pa ofesiyo, ankakonda makina olembera kuposa njinga.

Mu Epulo 2023, akuluakulu a ku Chifunde anapempha lipoti la zokolola. Lipoti loterolo limasonyeza midzi yoyenera kulandira mbewu ndi thandizo. Analemba ndi a Celso, ndipo pa 17 Epulo analipereka kwa a Generosa kuti aliwerenge lisanapite kwa a diretori, mkulu wawo wa ku Chifunde.

A Generosa anawerenga kawiri, kenako analemba yankho m'masamba awiri.

"A Celso," analemba motero, "lipotili lisapite momwe lilili. Mwatenga zokolola za minda isanu ndi umodzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Cassacatiza, n'kuzichulukitsa ndi mahekitala a dera lonse. Eni minda imeneyo amagula feteleza ku Zambia. Midzi inayi ya kuseri kwa phiri simunafikeko. Kumeneko mvula inadula kuyambira pa 9 Febuluwale mpaka pa 2 Malichi, chimanga chikumasula ngayaye. Komanso mwawerenga matumba a chimanga chosatonola ngati chotonola. Akuluakulu akawerenga izi adzati Mualadzi wakhuta, ndipo midzi ija sidzalowa pa mndandanda wa mbewu."

M'mawa mwake a Celso anabwera pepala lili m'manja.

"Mayi, masamba awiri onsewa? Mukanangoti pali zolakwika pang'ono."

"Si pang'ono, achimwene."

"Lachisanu likufunika ku Chifunde. Mukufuna ndiuluke?"

"Njinga yamoto ilipo. Mafuta ndapempha kale."

"Ndiye mwandikonzera ulendo musanandifunse?"

"Ndakukonzerani. Mudutse kwa a Semu, mlimi wa kuseri kwa phiri, ali ndi sikelo."

A Celso anapita akung'ung'udza, nagona kumeneko masiku awiri. Anayeza minda khumi, natonola ndi kupima chimanga. Lachinayi anabwerera ndi fumbi mpaka m'nsidze, nakhala pa makina kulembanso lipotilo. Chiwerengero chinatsika pafupifupi ndi theka. Lipoti linafika ku Chifunde Lolemba pa 24 Epulo, mochedwa ndi masiku atatu, ndipo a diretori anakalipira onse awiri pa foni.

Mu Novembala mbewu inafika m'midzi itatu mwa inayi ija. Wachinayi unasiyidwa chifukwa galimoto silinathe kuwoloka mtsinje. Alimi ena a m'mudzimo anakatenga okha mbewuyo pa njinga.

A Celso sanayamike, koma kuyambira pamenepo ankayika malipoti awo pa tebulo la a Generosa osauzidwa. A Generosa anapuma pa ntchito, nachoka ku Mualadzi kupita kwa mwana wawo ku Tete pa 28 Juni 2024.